MLANGIZI WA PAKHOMO: Kalata Yofunsa Ndalama Zanu, Kucoka m'Cinyanja Kupita m'Cingerezi

Owerenga athu a m'midzi, nyengo yogulitsa mbeu ikatha imatsala nyengo yodikira malipiro, ndipo ndi pa nthawi imeneyi pamene makomiti a makopaletivu amakhala pansi pa mtengo kuti alembere kalata ogula amene acedwa kulipira. M'dera la Mfumu Magodi, kumpoto kwa tauni ya Lundazi, kumene kuyambira m'caka ca 2018 kuli boma lakelake la Chasefu, anthu ambiri pakhomo amalankhula Citumbuka, kusukulu anaphunzira kulemba Cinyanja, koma kampani yogula soya kapena nshawa ku Chipata ndi ku Lusaka imayendetsa nchito zake m'Cingerezi, popeza ndico cinenero ca nchito za Boma monga mwa malamulo a dziko lino. Masiku ano kalata yotere siyendanso pa basi kapena pa positi. Imalembedwa pa foni ndi kutumizidwa monga imelo, ndipo kawirikawiri amene amapatsidwa nchito yoimasulira ndi mlembi wa bungwe kapena mwana wa pamudzi amene anamaliza Giredi 12.

Nchito imeneyi ili ndi maenje awiri. Dzenje loyamba ndi lakuti kalata yaulemu m'Cinyanja, ikamasuliridwa liu ndi liu, imatuluka yamwano m'Cingerezi. Dzenje laciwiri ndi lakuti womasulira, poopa mwano, amaunjika mau akale a m'mabuku kufikira kalatayo iuma gwa, ndipo woiwerenga sapeza cimene cikupemphedwa. Sabata ino titsata kalata imodzi kuyambira pamene komiti inaiyala kufikira pamene iyenera kutumizidwa.

KALATA YA KOMITI

Tiyerekeze kuti bungwe lina la alimi kwa Magodi linagulitsa matumba 120 a soya, thumba lililonse la makilogalamu 50, pa mtengo wa K9 pa kilogalamu. Mtengowu tangouika monga citsanzo. Makilogalamu onse ndi 6,000 ndipo ndalama zonse ndi K54,000. Galimoto ya kampani inanyamula soyayo pa 12 Ogasiti, ndipo anapangana kuti malipiro adzatha pa masiku 30, ndiko kuti pofika pa 11 Sepitembala. Kampani inapereka K20,000 pa 20 Ogasiti, kenaka inangoti zii. Tsopano ndi kuciyambi kwa Okutobala, mamembala afuna kugula mbeu ndi feteleza mvula isanagwe, ndipo K34,000 ikali m'manja mwa eni kampani. Komiti inayala mau ake motere:

"Moni bwana. Tikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse a pa nchito. Kuno tili bwino, koma dzuwa ndilo lakula. Pepani kuti takubvutitsani. Ife ana anu tati tikukumbutseni za soya uja munatenga. Mwina mwaiwala cifukwa ca kucuruka kwa nchito. Simunatilipire ndalama zotsala, ndipo mamembala akudandaula popeza mvula ili pafupi. Tifuna ndalama zathu. Tumizani msanga. Mukatero mwaticitira cifundo."

Munthu wamkulu aliyense wa kwathu kuno angabvomereze kuti kalatayi ndi yaulemu. Yayamba ndi moni, yadzicepetsa, yampatsa wolakwa njira yothawira manyazi ponena kuti mwina waiwala, ndipo yamuchula ndi "inu" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma taonani cimene cimacitika mwana wathu akaitenga mzere ndi mzere. Mbali yapakati imatuluka motere:

"Maybe you have forgotten. You have not paid us. We want our money. Send quickly."

Wogwira nchito mu ofesi ya malipiro akawerenga mau amenewa amamva munthu wolusa amene akumuloza cala, kumunena kuti ndi woiwala, ndi kumulamula monga mwana. Palibe liu limene lamasuliridwa molakwa, komabe ulemu wonse watayika panjira.

KUMENE ULEMU UMAKHALA

Cifukwa cake n'cakuti zinenero ziwirizi zimasunga ulemu m'malo osiyana. M'Cinyanja ulemu uli m'kati mwa liu lenilenilo. Tikati "tumiza" tikulankhula kwa mwana, koma tikati "tumizani" tikulankhula kwa munthu wamkulu, ndipo kachidutswa kakumapeto kaja "ni" ndiko kasenza ulemu wonse. Cimodzimodzinso "iwe" ndi "inu", kapena "Phiri" ndi "a Phiri". Cingerezi cilibe zimenezi. Liu lakuti "you" ndi limodzi kwa mwana, kwa mfumu ndi kwa khamu la anthu, ndipo "send" ndi "tumiza" ndiponso "tumizani". Conco womasulira akalemba "send" pa "tumizani", ulemu umene unali m'liu lathu ulibe pokhala, ndipo cimatsala ndi lamulo louma.

Eni Cingerezi amaika ulemu wao m'kaumbidwe ka ciganizo. Pempho amalisandutsa funso. M'malo mwa "Send the money" amati "Could you please send the money?", ngati kunena kuti, kodi mungathe kutumiza ndalamazo? Funso lotere limamsiyira munthu ufulu woyankha, ngakhale onse awiri akudziwa kuti ndi pempho lofunika kulicita. Lamulo loyamba la womasulira likhale ili: paliponse pamene Cinyanja cili ndi "tumizani", "bwerani", "tiuzeni", Cingerezi ciyambe ndi "Could you please" ndi kutha ndi cizindikiro ca funso. Kungoika "please" patsogolo pa lamulo kumathandiza pa tinthu tating'ono, monga kupempha kuti akuuzeni ngati pali bvuto, koma pa pempho lalikulu la kalata funso ndilo liposa.

Liu lina lobisa msampha ndi "tifuna". Kwa ife ndi liu wamba, limene munthu amalinena m'sitolo ndi ku cipatala popanda wokhumudwa. M'Cingerezi "we want" limamveka monga mwana wolirira cinthu kapena munthu woumiriza. Lofanana ndi "tifuna" wathu waulemu ndi "we would like". Momwemonso "muyenera", limene ife timalinena polangiza, likasanduka "you must" kapena "you should" limakhala lamulo la mkulu kwa wamng'ono. M'kalata ya malonda ndi bwino kulipewa, ndi kubwerera ku funso lija.

Tsono tifike pa ciganizo cimene cili mtima wa kalata, cakuti "simunatilipire". Cingerezi cakuti "You have not paid us" cimayamba ndi munthu wolakwa, ndipo cimamveka monga mlandu pa bwalo. Womasulira wanzeru amacitembenuza kuti ciyambe ndi ife eni: "We have not yet received the balance", ndiko kuti, sitinalandirebe ndalama zotsala. Coonadi ndi comweco, koma cala sicikulozanso munthu. Pamenepa pali nzeru inanso, pakuti mwina kampani inatumizadi ndalama koma zinalowa mu akaunti yolakwika, ndipo bungwe cimene likudziwa motsimikiza ndi cakuti silinalandire. Kaliu kakang'ono kakuti "yet" kasaiwalike. Ndiko "be" wathu wa mu "sitinalandirebe", ndipo kamasonyeza kuti tikali kuyembekeza, sitinamuyese munthuyo wakuba.

Nanga "mwina mwaiwala"? Kwathu mau amenewa ndi cifundo, pakuti timamkonzera mkulu cifukwa coti asacite manyazi. M'Cingerezi "maybe you have forgotten" ndi citonzo, cifukwa cimamuuza munthu wa mu ofesi kuti sasamala nchito yake. Cimene komiti inafuna kucita ndico kumtsegulira khomo lofotokozera, ndipo Cingerezi cimatsegula khomo lomwelo ndi mau ena: "If there is a problem on your side, please let me know", kutanthauza kuti, ngati pali cobvuta kumbali yanu, mundidziwitse. Apa ndi pamene pali phunziro lalikulu la kumasulira. Womasulira asamafunse kuti liu ili m'Cingerezi ndi ciani. Azifunsa kuti, kodi mau awa akugwira nchito yanji m'kalata, nanga Cingerezi cimagwira nchito imeneyo ndi mau ati?

KUDZICEPETSA KOPOSA MUYESO

Dzenje laciwiri limakola makamaka ana ophunzira bwino ndiponso akulu amene anaphunzira kulemba makalata ofunsira nchito kalekale. Iwo amadziwa kuti kumasulira liu ndi liu n'koopsa, ndiye amathamangira ku mau olemera monga "I humbly beg", "your esteemed office", ndi "Reference is made to the above subject matter". Mau otere akali kuoneka m'makalata ena a m'maofesi, ndipo si mwano ai, koma mu imelo ya malonda amacita zoipa ziwiri. Amatalikitsa kalata kotero kuti wowerenga, amene mwina ali ndi makalata makumi angapo m'mawa umodzi, afika pa mzere wacisanu asanadziwe cimene mufuna. Ndiponso amakusandutsani wopemphetsa pamene inu ndinu mwini ndalama.

Ganizani za mau a komiti akuti "ife ana anu" ndi "mwaticitira cifundo". Pakati pa ife amenewa ndi mwambo cabe, ndipo palibe amene amaganiza kuti wapampando wa zaka 60 ndi mwanadi wa kalaliki wa ku kampani. Koma m'Cingerezi "we your children" ndi "have mercy on us" amamveka monga momwe alembedwera, ndipo amapereka cithunzi cakuti malipirowo ndi mphatso imene kampani ingapereke ikafuna. Bungwe linagulitsa soya, linapatsidwa lisiti, ndipo pali tsiku limene anapangana. Mau amenewa asiyidwe, ndipo ulemu wace ulowe m'kuthokoza kwa cinthu ceniceni: "Thank you for the K20,000 paid on 20 August." Kuthokoza kotere kumakondweretsa wowerenga, ndiponso kumaika m'kalata umboni wa ndalama zimene zinalandiridwa kale.

"Pepani" nayenso asamalidwe. Ife timati pepani kwa wodwala, kwa wopunthwa, ndiponso poyamba kulankhula ndi munthu wotanganidwa, popanda kubvomera kulakwa kulikonse. Kalata ya Cingerezi yofunsa ngongole ikayamba ndi "Sorry for troubling you" imaoneka ngati olembawo akukayika ngati ali ndi ufulu wofunsa. Musunge "sorry" ndi "we apologise" kufikira tsiku limene bungwe lalakwadi, monga ngati linacedwa kusonkhanitsa matumba kapena linatumiza nambala yolakwika ya akaunti.

Moni wathu wautali, wofunsa za moyo wa onse ndi kusimba za dzuwa, m'Cingerezi umakwana mu mzere umodzi: "I hope you are well." Akulu a komiti angaone ngati mwana wadula ulemu, koma awauze kuti kwa eni cinenerocho kusamtayitsa munthu nthawi ndiwo ulemu. Pa kuchula munthu, "Dear Boss" ndi "Dear Father" n'zosayenera. Ngati dzina la woyang'anira zogula mulidziwa, tinene kuti ndi a Phiri, lembani "Dear Mr Phiri". Liu lakuti "Mr" limatsagana ndi dzina la makolo kapena ciongo, osati dzina loyamba lokha. Ngati ndi mai ndipo simudziwa ngati ali pa banja, "Ms" ndilo losalakwa. Kwa Magodi mai wa kwa Zimba amachedwa NyaZimba, ndipo ndi ulemu waukulu pamudzi, koma mu imelo alembedwe "Dear Ms Zimba". Ngati dzina simulidziwa konse, lembani "Dear Sir or Madam", koma ndi bwino kuyamba mwaimba foni ndi kufunsa dzina la amene amasamala za malipiro, pakuti kalata yopita kwa munthu wodziwika ndiyo imayankhidwa msanga. Safunsa anadya phula.

ZIMENE CINYANJA CINASIYA

Pali cinthu cina cimene womasulira ayenera kucita, cimene ambiri amaciopa: kubwerera kwa komiti ndi mafunso. Kalata ya Cinyanja inati "soya uja munatenga", "ndalama zotsala" ndi "msanga". Kwa anthu a pamudzi zonsezi n'zodziwika, cifukwa onse anaona galimoto ikunyamula. Koma kalaliki wa ku Chipata ali ndi mabungwe ambiri m'buku lace, ndipo "soya uja" samudziwa. Kalata yopanda manambala imamkakamiza kufunafuna, ndipo kawirikawiri amaiika pambali. Womasulira atenge lisiti kwa msungicuma ndi kulemba tsiku, ciwerengero ca matumba, kulemera kwa thumba limodzi, mtengo, ndalama zolandiridwa ndi zotsala. Awerengerenso yekha: 120 kucurukitsa ndi 50 ndi 6,000, kucurukitsa ndi 9 ndi 54,000, kucotsapo 20,000 kutsala 34,000. Nambala imodzi yolakwika imapatsa wogula cifukwa cocedwetsera sabata zina ziwiri.

"Msanga" asamasuliridwe kuti "quickly" kapena "immediately", pakuti mau amenewa amakalipa koma sanena tsiku. Komiti isankhe tsiku lenileni, lopatsa kampani masiku okwanira monga khumi, ndipo lilembedwe ndi liu lakuti "by", limene litanthauza kuti pofika tsikulo. Mwezi ulembedwe ndi dzina lace, monga "17 October". Kulemba manambala okhaokha monga 5/10 n'koopsa, cifukwa kuno timawerenga kuti 5 Okutobala pamene a ku Amereka, amene ena a iwo amagwira nchito m'mabungwe othandiza alimi, amawerenga kuti 10 Meyi. Miyeso ya pamsika monga meda ndi tini isalowe m'kalata yotere, koma makilogalamu a pa sikelo okha.

KALATA YOMALIZIDWA

Pa foni pali malo atatu odzaza. Pa `To` pamalowa adiresi ya imelo ya wolandira, imene iyenera kukoperedwa cilembo ndi cilembo. Pa `Subject` pamalowa mutu wa nkhani, ndipo pasasiyidwe popanda kanthu kapena kulembapo moni. Pansi pace ndi pamene pamalowa kalata. Yathu ikhale motere:

```
Subject: Balance of K34,000 for soya beans collected on 12 August

Dear Mr Phiri,

I hope you are well. I am writing on behalf of our cooperative
in Magodi about the 120 bags of soya beans, 50 kg each, that your
company collected on 12 August at K9 per kg. The total was
K54,000. Thank you for the K20,000 paid on 20 August.

We have not yet received the balance of K34,000, which was due on
11 September. Could you please arrange payment by 17 October? Our
members need to buy seed and fertiliser before the rains.

I have attached a photo of the receipt. If there is a problem on
your side, please let me know.

Kind regards,
```

Pansi pa mau otsiriza mlembi alembe dzina lace lonse, udindo wace, dzina la bungwe monga linalembetsedwera ku Boma, ndi nambala ya foni. Kwa amene samva Cingerezi, kalatayi ikunena izi: ndikhulupirira muli bwino, ndikulemba m'malo mwa bungwe lathu za matumba 120 amene kampani yanu inanyamula pa 12 Ogasiti, zikomo pa K20,000 imene munapereka, sitinalandirebe K34,000 imene inayenera kufika pa 11 Sepitembala, kodi mungakonze malipiro pofika pa 17 Okutobala, popeza mamembala afunika kugula mbeu ndi feteleza mvula isanagwe, ndaphatikiza cithunzi ca lisiti, ndipo ngati pali cobvuta mundidziwitse.

Onani kuti dandaulo la mamembala silinatayike. Komiti inati "akudandaula", ndipo "our members are complaining" likadamveka ngati ciopsezo, pakuti liu la Cingerezi limenelo limanena za kung'ung'udza ndi kuimba mlandu, pamene kudandaula kwathu ndi nkhawa ya mumtima. M'malo mwace kalata yanena cifukwa ca nkhawayo, cimene munthu aliyense wodziwa ulimi wa kuno acimvetsa. Mau otsekera akuti "Kind regards" ndi oyenera imelo ya malonda. Amene afuna kutsata mwambo wa makalata a pa pepala akumbukire kuti "Yours sincerely" imatsagana ndi kalata yochula dzina, ndipo "Yours faithfully" imatsagana ndi "Dear Sir or Madam".

Pali tinthu tiwiri ta pa foni timene timaononga kalata yabwino. Koyamba ndi kulemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, poganiza kuti zioneka bwino. Kwa ozolowera imelo kumeneko ndi kufuula. Kaciwiri ndi kufupikitsa mau monga momwe acinyamata amacitira potumizirana mauthenga, kulemba "u" m'malo mwa "you" kapena "pls" m'malo mwa "please". Ndipo musanadinize `Send`, onetsetsani kuti cithunzi ca lisiti calowadi ndi kuti manambala ace akuwerengeka, pakuti kumene netiweki ili yofooka cithunzi cimatha kutsala.

KUYESA KALATA ISANAPITE

Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Komiti imene siwerenga Cingerezi ili m'manja mwa womasulira, koma pali njira yodzitetezera. Pezani munthu waciwiri, monga mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi, amene sanaone kalata ya Cinyanja. Mpatseni ya Cingerezi yokha, ndipo aifotokoze pamaso pa komiti m'Cinyanja kapena m'Citumbuka. Kenaka mumfunse mafunso anai. Kodi kalatayi ikupempha ciani? Ndalama zingati? Pofika liti? Nanga wolembayo akumveka wokwiya, wopemphetsa, kapena munthu wamalonda wolankhula ndi mnzace? Akalephera kuyankha atatu oyambawo mwa kuwerenga kamodzi, kalatayo ndi youma kapena yozungulira. Akanena kuti wolembayo wakwiya, funani "you must", "we want", ndi ziganizo zoyamba ndi "You have not". Akanena kuti akupemphetsa, funani "beg", "humbly" ndi "sorry".

Womasulira adziwenso malire ace. Iye ali ndi ufulu wosintha kabvalidwe ka mau, koma alibe ufulu wosintha mfundo. Asaonjezere ciopsezo ca khoti cimene komiti sinanene, ndipo asabvomere kucepetsa ngongole kapena kutalikitsa nthawi cifukwa cofuna kuoneka wofatsa. Pamenepa liu loopsa koposa ndi "tamva", pamodzi ndi mnzace "cabwino". Kampani ikayankha kuti idzalipira theka lokha cifukwa soya anali ndi zinyalala, wapampando angathe kunena kuti "tamva", kutanthauza kuti uthenga wafika ndipo tikambirana. Mwana akalemba "We agree" kapena "We accept", bungwe labvomera kutaya ndalama. Lamulo la dziko lino la caka ca 2021 lonena za mauthenga ndi malonda a pa makina limazindikira uthenga wotere, kotero kuti imelo ingathe kuonetsedwa monga umboni pa mlandu. Cingerezi ca "tamva" ndi ici: "We have received your message and will reply after our committee meets", ndiko kuti, talandira uthenga wanu ndipo tidzayankha komiti ikakumana.

YANKHO LIKABWERA

Yankho la kampani lingakhale la mizere iwiri yopanda moni, ndipo akulu asakhumudwe nalo, pakuti ndiwo macitidwe a imelo. Cofunika ndi kulimasulira moona. "Noted" litanthauza kuti taona, ndipo silinalonjeze kanthu. "We will look into it" ndi kunena kuti tidzafufuza, ndipo si lonjezo la malipiro. "We regret" ndi "unfortunately" ndi mau otsogolera kukana kapena nkhani yosakondweretsa, ngakhale amveke ofatsa. Lonjezo lenileni limakhala ndi tsiku ndi ndalama. Ngati yankho lilibe tsiku, thokozani ndi kufunsa: "Could you please confirm the date of payment?", ndiko kuti, kodi mungatsimikize tsiku la malipiro?

Tsiku la 17 Okutobala likapita popanda yankho, kalata yaciwiri itumizidwe podiniza `Reply` pa kalata yoyamba ija, kuti zonse zikhale pa mndandanda umodzi, ndipo muonetsetse kuti pa `To` pali adiresi ya kampani, osati yanu. Iyambe ndi "I am following up on my email below", kutanthauza kuti ndikutsatira kalata yanga ili pansiyi, ibwereze ndalama ndi kupereka tsiku latsopano. Kulimba kwa kalata yaciwiri kusacokere ku mau aukali, koma ku kunena poyera cimene bungwe lidzacita, monga kukatula nkhaniyo ku ofesi yoyang'anira makopaletivu pa boma, ndipo cimeneco cilembedwe pokhapo ngati komiti yagwirizanadi kucicita. Adiresi ya mkulu wina wa kampani ingaikidwe pa `Cc` kuti nayenso aone, koma zimenezi zisungidwire kalata yaciwiri, cifukwa kumnenera munthu kwa bwana wace pa kalata yoyamba ndi mwano m'cinenero ciliconse.

Pomaliza, mlembi akopere m'buku la bungwe kalata ya Cinyanja, ya Cingerezi, tsiku limene inatumizidwa ndi yankho lace, pakuti foni imatayika ndipo mwana womasulira angapite ku tauni. Caka camawa komiti idzangosintha manambala ndi masiku. Sabata yamawa tidzakamba za kalata yofunsa mitengo ya mbeu ndi feteleza kwa ogulitsa, ndi momwe mungakanire mtengo popanda kutseka khomo.